Musayambe ndi PID, yang'anani valavu

"Akuluakulu, pafakitale yathu ku Luwinga lupu ya madzi ikungokwera n'kutsika. SP, mulingo womwe tikufuna, ndi 10 m³/h koma PV, mulingo womwe mita ikuwerenga, ikuyenda pakati pa 9.6 ndi 10.4. Geni ndachepetsa kawiri, palibe chasintha. Ndipange bwanji?"

Achimwene, PID ija isiyeni kaye. Ine ndikukayikira valavu, kuti ikukakamira, zomwe timati sitikishoni.

Tsegulani tirendi, muike pamodzi PV ndi OP, lamulo lomwe kontirola ikutumiza ku valavu. Valavu ikamakakamira, OP imakwera pang'onopang'ono kenako n'kutsika pang'onopang'ono ngati mano a sowo, pomwe PV imangoima phee, kenako n'kudumpha kamodzin'kamodzi. Chimachitika n'chakuti mphamvu yoyambitsa sitemu, kandodo kotsegula ndi kutseka valavu, kuyenda imaposa yoti izipitiriza kuyenda. Madzi akakhala pa 9.6, intigiro, mbali ya PID yosonkhanitsa kusiyana kwa SP ndi PV, imangowonjezera OP, mpweya n'kumadzaza mu akichueta, sitemu ili chiimire. Ikamasuka imathawa n'kupitirira pofunikapo, madzi n'kufika 10.4. Kontirola imayambanso kukokera pansi, valavu yagwiranso. Pa 10 penipeni singaime, ndiye kuzungulirako sikutha. Kuchepetsa geni kumangotalikitsa nthawi ya mzungulire umodzi, koma kukula kwa mdumpho kumakhala komweko.

Onaninso kachitsulo kolembedwa pavalavupo. Ngati ndi `EQ%` ya 50:1, ndipo puresha pavalavu sikusintha kwambiri, sitemu ikasuntha 1% madzi amasintha pafupifupi 4% ya omwe akudutsa panthawiyo. Ndiye kusewera kwanu kwa 0.8 pa 10, komwe ndi 8%, kungabwere ndi mdumpho wa 2% yokha. Ndi maso simungauone bwino. Valavu ikakhala yaikulu kuposa ntchito yake zimanyanya, chifukwa imagwira ntchito ili pafupi kutsekeka.

Kuti mutsimikize, gwirizanani ndi opareta muike lupu pa MAN, kuti OP muziisintha ndi manja. Kusewera kukapitirira, vuto likuchokera kwina, mwina pampu kapena lupu ina. Kukaleka, onjezani OP ndi 0.5% (pa 4-20 mA ndi 0.08 mA), dikirani madzi akhazikike, onjezaninso, mbali imodzi yomweyo. Wina aime pavalavu atamata katepi pa sitemu. Masitepe atatu akadutsa osasuntha, pachinayi n'kudumpha onse pamodzi, mwaipeza. Ikamachedwa pokhapokha mukabwerera m'mbuyo, koma kenako n'kumatsatira bwinobwino, imeneyo ndi nkhani ya kukhwepa kwa zolumikizira.

Nthawi zambiri wolakwa ndi pakingi, chotchinga madzi kuti asadonthere m'mbali mwa sitemu. Madzi adontha, wina wabwera ndi sipanala n'kumanga manati mpaka kutheratu. Inenso ndinapangapo zimenezi ndili wophunzira. Osamasula paipi ili ndi puresha. Tsekani mbali zonse, chotsani puresha, pukutani sitemu muone ngati yakandika kapena yapindika, sinthani pakingi, mumange manati mofanana. Tsegulaninso kampopi kapansi pa fyuluta ya mpweya, chifukwa ndi chinyezi ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu madzi amadzadzamo n'kusokoneza pozishona.

Ngati kuimitsa makina n'kosatheka sabata ino, onani ngati kontirola yanu ili ndi `deadband` ya intigiro, malire omwe amaimitsa intigiro PV ikakhala pafupi ndi SP. Iikeni pa 0.5 m³/h, kuposa pang'ono theka la mdumphowo. Madzi aphonya SP pang'ono, koma valavu isiya kudya pakingi mpaka tsiku loimitsa makina.