Khadi latsopano, bokosi lofiira la Secure Boot Violation

"Achimwene, ndagula khadi la zithunzi la RX 580 8GB, logwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu wina ku Fordsburg. Nditaliika mu kompyuta yanga ya i5, pa sikirini pakubwera bokosi lofiira: `Secure Boot Violation. Invalid signature detected. Check Secure Boot Policy in Setup`. Windows sakutseguka. Kodi andigulitsa lakufa?"

Mtima m'malo achimwene, khadi lakufa silifika pokanidwa chonchi. Khadi lililonse la zithunzi limabwera ndi kapulogalamu kakekake, ka Option ROM, kamene kamayatsa sikirini Windows asanadzuke. Secure Boot ikakhala yoyatsa, bodi yaikulu ya kompyuta siilola kapulogalamuko kugwira ntchito isanaone siginecha yake. Pa makhadi ambiri siginechayo imachokera ku satifiketi ya Microsoft Corporation UEFI CA 2011, ndipo bodi imaifufuza pa mndandanda wake wa zololedwa wotchedwa `db`. Zili ngati mlonda wa pageti la fulati: dzina lanu likasowa m'buku lake simulowa, ngakhale muli munthu wabwino. Ndiye vuto lili kumodzi, mwina bodi yataya satifiketiyo, kapena wina anagwiragwira pulogalamu ya m'khadi.

Musanasinthe chilichonse mu BIOS, pezani kiyi ya manambala 48 ya BitLocker, loko wa disiki wa mu Windows, pa akaunti yanu ya Microsoft kudzera pa foni. Mukazimitsa Secure Boot kapena kusintha makiyi ake, Windows akhoza kuifunsa, ndipo popanda iyo mafayilo anu atsekeka. Ichi musachidumphe chonde.

Kenako zimitsani kompyuta, zulani khadilo, mulumikize waya wa sikirini ku bodi ngati i5 yanuyo ili ndi zithunzi zakezake. Bokosi lofiira likabweranso khadi palibe, khadi lilibe mlandu, yang'anani disiki kapena fulashi imene kompyuta ikuyambira. Likapanda kubwera, lowani mu BIOS, pa Secure Boot, kenako Key Management, musankhe `Restore Factory Keys` (mabodi ena amalemba `Install Default Secure Boot Keys`). Makina ena a muofesi ali ndi mzere wakuti `Allow Microsoft 3rd Party UEFI CA`, ndipo umabwera wozimitsa. Uyatseni. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani PowerShell ngati Administrator:

```
[Text.Encoding]::ASCII.GetString((Get-SecureBootUEFI db).bytes) -match 'UEFI CA 2011'
```

Ikayankha `True`, bodi ili ndi satifiketi. Bwezerani khadi muyesenso.

Koma ine ndikukayikira khadilo. Ma RX 570 ndi RX 580 ambiri amene akugulitsidwa kuno ku Joni anakumbapo ndalama za pa intaneti, ndipo okumbawo ankasintha BIOS ya khadi kuti memore izithamanga. Khadi lotere limagwira bwinobwino pa CSM, njira yakale yoyatsira kompyuta, koma pa Secure Boot limakanika, makamaka ngati anagwiranso gawo la GOP, loyatsa sikirini pa UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta, limene ndi losainidwalo. Kusintha kachidutswa kamodzi kokha kumakwanira kuti siginecha isagwirizane.

Yambani ndi maso. Yang'anani m'mphepete mwa khadi, chapamwamba, ngati pali kaswichi kakang'ono ngati njere ya mpunga. Makhadi ena ali ndi BIOS ziwiri, ndipo kawirikawiri yachiwiriyo imakhala yosagwidwa. Zimitsani kompyuta, sunthani kaswichiko, yatsani. Nthawi zina nkhani imathera pomwepo.

Ngati kulibe, zimitsani Secure Boot kwa kanthawi kuti mulowe mu Windows, mutsegule GPU-Z, pulogalamu yoonetsa zonse za khadi la zithunzi. Pafupi ndi `BIOS Version` pali kabokosi ka `UEFI`. Kopanda chizindikiro, khadi lilibe GOP. Onaninso mu Device Manager: `Code 43` pa khadi la mtundu uwu kawirikawiri amatanthauza kuti dalaivala yakana BIOS yosinthidwa. Mankhwala ake ndi kubwezeretsa BIOS yeniyeni pogwiritsa ntchito pulogalamu ya AMDVBFlash. Sungani kaye imene ilimo, GPU-Z ili ndi batani lake. Fayilo yatsopano igwirizane ndi kampani ya khadi, mtundu wake, kukula kwa memore, ngakhalenso wopanga memoreyo, kaya Samsung, Hynix kapena Micron, zimene GPU-Z imaonetsa pa `Memory Type`. Yolakwika imasiya sikirini yakuda bii. Ndipo magetsi a kuno mukuwadziwa, musachite izi popanda UPS, chifukwa akathima pakati mudzafunika mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chida cholembera tchipi.

Ena adzakuuzani kuti mungoisiya Secure Boot yozimitsa, kapena muike `Always Execute` pa Option ROM. Kompyuta iyaka ndithu, koma ine sindikulimbikitsa, chifukwa pulogalamu ya m'khadi imene simukudziwa anailemba ndani idzayamba Windows asanadzuke. Komanso masewera ngati Valorant pa Windows 11 amakana kutseguka Secure Boot ikakhala yozimitsa.

Mukamaliza, yatsaninso Secure Boot, CSM ikhale yozimitsa, mutsegule `msinfo32`. Pa `BIOS Mode` pakhale `UEFI`, pa `Secure Boot State` pakhale `On`. Ngati BIOS yeniyeni yalowa koma bokosi lofiira likubwerabe, jambulani sikirini ya GPU-Z mupite nayo kwa wogulitsayo pamodzi ndi khadi lake.