Kudula pakati: kodi tinene kuti “kuyandikira” kapena “kupanikiza”?

Funso: “Ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndikufuna kufotokozera ophunzira anga m'Chichewa njira ya baisekishoni. Ndinalemba kuti ‘njirayi imayandikira yankho nthawi zonse koma mochedwa.’ Kodi mawuwa ali bwino? Nanga ndinganene bwanji za kuwerenga masitepe ofunika?”

Aphunzitsi, chiganizo chanu chikumveka, koma mawu atatu m'menemo akunena zosiyana pang'ono ndi zimene masamuwo amachita. Tiyambe ndi dzina. Ine ndimati “njira yodula pakati.” “Kugawa pawiri” sikukwanira, chifukwa nsima mutha kuigawa pawiri wina n'kutenga yambiri. Apa tikufuna matheka ofanana ndendende, ndipo “pakati” ndiye mawu amene akusenza tanthauzo limenelo.

Mawu ondivuta kwambiri ndi “kuyandikira.” Tiyeni tiwayese ndi samu yeniyeni. Tikufuna x amene x² − 2 imakhala ziro. Pa x = 1 tikupeza −1, pa x = 2 tikupeza 2. Kwina mainasi, kwina pulasi, choncho yankho lili mumpata wa pakati pa 1 ndi 2. Tidule pakati, pa 1.5. Apa x² − 2 ndi 0.25, pulasi, ndiye kuti yankho lili kumunsi, pakati pa 1 ndi 1.5. Theka linalo titaye. Tidulenso, pa 1.25. Apa tikupeza −0.4375, mainasi, ndipo mpata watsala kuyambira 1.25 mpaka 1.5. Kachitatu tidula pa 1.375, kachinayi pa 1.4375, kachisanu pa 1.40625.

Tsopano taonani izi. Yankho lenileni ndi 1.41421 ndi kanthu. Nambala yoyamba, 1.5, inaphonya ndi 0.086. Yachiwiri, 1.25, inaphonya ndi 0.164. Sitepe yachiwiri inatipititsa kutali kuposa yoyamba! Wophunzira watcheru akamva kuti “imayandikira nthawi zonse” n'kuona zimenezi, adzaganiza kuti walakwitsa, pamene sanalakwitse. Chimene chimachepa sitepe iliyonse ndi mpata umene yankho latsekeredwamo: 1, kenako 0.5, kenako 0.25, kenako 0.125. Nambala yapakatiyo imatha kudumphira uku ndi uku, koma malire awiriwo sabwerera m'mbuyo.

N'chifukwa chake ndikusankha “kupanikiza.” Amene anagwirapo nkhuku pakhomo akudziwa: simuithamangitsa molunjika, mumaima wina uku wina uko n'kumachepetsa malo mpaka isowe kolowera. Nenani kuti “njirayi imapanikiza yankho,” ndipo wophunzira wamva kale chifukwa chake siilephera. Yankho lili mkati kuyambira pachiyambi, theka limene timataya ndi lomwe tingathe kulitaya osataya yankho, ndipo mpata umene ukudulidwa pakati mosalekeza umachepa kuposa nambala iliyonse yaing'ono imene mungatchule.

“Nthawi zonse” akufunika mnzake, “bola.” Bola zizindikiro zikhale zosiyana kumalire awiriwo, ndipo bola mzere wa pa galafu ukhale wosaduka pakati pawo. Mzere wosaduka umene wayambira pansi pa ziro n'kuthera pamwamba pake uyenera kudutsa pa ziro penapake. Ichi ndi chimene Bernard Bolzano anatsimikizira mu 1817. Mukachotsa “bola” wachiwiriyo zinthu zimasokonekera mwakachetechete. Tengani 1/x pakati pa −1 ndi 2. Zizindikiro n'zosiyana, njira idzayenda bwinobwino, mpata udzapanikiza pa x = 0, koma pamenepo palibe yankho, pali podukira. Mumazindikira poona kuti mpata ukuchepa koma 1/x ikungokula m'malo mochepa. Mukachotsa “bola” woyamba, monga pa (x − 1)² imene imangokhudza ziro n'kubwerera, njirayi ilibe poyambira n'komwe.

“Mochedwa” ndingawasinthe kukhala “pang'onopang'ono.” Kuchedwa kumamveka ngati kuphonya nthawi, ngati basi imene sikudziwika kuti ifika liti. Njira yathuyi ndi yosiyana ndi zimenezo, pakuti liwiro lake limadziwika tisanayambe n'komwe. Imayenda pang'onopang'ono chifukwa pa zonse zimene yawerengera imangomvera chizindikiro. Titapeza −1 kwina ndi 0.25 kwina, munthu aliyense akanaona kuti yankho lili pafupi ndi 1.5, koma njirayi inapitabe pa 1.25. Kukula kwa nambala siisamala nako. Njira ya Newton, imene imagwiritsa ntchito kupendekeka kwa mzere, ikayambira pa 1.5 imapereka 1.41667, kenako 1.414216, kenako 1.41421356 m'masitepe atatu okha, ngakhale iyo ikayambira poipa imatha kusochera.

Tifike pa kuwerenga. Choyamba, mawu a malire amene mumauza njirayo kuti ikafika pamenepo ileke. Ndaonapo ena akulemba “kulolerana,” koma kulolerana n'kwa anthu okhala pamodzi. Nenani “kuphonya kololedwa,” ndipo m'masamu mukulembe ε. “Masitepe” ali bwino, koma funso la Chichewa chenicheni ndi lakuti “tidule kangati?”, ndipo yankho lake ndi “kakhumi” kapena “ka 17.”

Ngati malire ndi a ndi b, tikadula ka n mpata umatsala (b − a)/2ⁿ. Nambala imene tadulirapo komaliza ndi limodzi mwa malire a mpata umenewo, choncho singaphonye kuposa pamenepo. Tikufuna mpatawo usapose ε:

```
(b − a) / 2^n ≤ ε
n ≥ log2((b − a) / ε)
```

M'mawu, gawani mpata woyamba ndi kuphonya kololedwa, kenako funsani kuti 2 achulukitsidwe kangati kuti afike pa nambala mwapezayo. Pa samu yathu, mpata ndi 1, ndipo tinene kuti ε ndi 0.001. Tikagawa tikupeza 1000. Tsono 2⁹ ndi 512, sakukwana. 2¹⁰ ndi 1024, wakwana. Tidula kakhumi. Mpata woyamba ukanakhala wa 0 mpaka 100, tikanapeza 100000; 2¹⁶ ndi 65536, 2¹⁷ ndi 131072, ndiye ka 17. Kakyuleta ingakupatseni 16.6, ndipo apa muwauze ophunzira kuti “kwezani,” osati “yandikizani,” chifukwa ngakhale itapereka 16.2 tikanadulabe ka 17. Kudula ka 16 kukanasiya mpata waukulu kuposa wololedwa.

Onaninso kuti m'kuwerengaku x² − 2 sinaonekemo. Mpata ndi ε zokha ndizo zikulamula, kaya samuyo ndi yophweka kaya ndi yovuta. Kuti mupindule dijiti imodzi pambuyo pa kadontho, mpata uyenera kuchepa kakhumi, ndipo zimenezi zimafuna kudula pafupifupi ka 3.32. Madijiti atatu, kakhumi; madijiti 6, ka 20.

Ophunzira akayerekeza mayankho, ena adzapeza 9 pamene inu mwapeza 10. Musafulumire kunena kuti alakwitsa. Ngati munthu wadula ka 9 n'kupereka pakati pa mpata wotsalawo monga yankho, kuphonya kwake sikuposa theka la mpatawo, 1/1024, ndipo walondola. Kusiyanaku kumachokera pa chimene mukuwerenga, kaya ndi kudula kaya ndi nambala zapakati zimene mwalemba, choncho funso lanu lizinena poyera.

Pabolodi ndikanalemba chonchi: “Njira yodula pakati imapanikiza yankho mosalephera, bola mzere ukhale wosaduka ndipo zizindikiro zikhale zosiyana kumalire; imatero pang'onopang'ono, theka pa sitepe iliyonse.”