Akuti andibwezera ndalama, koma mu akaunti mulibe kanthu

"Ndinagula katundu pa intaneti ndi khadi la ku banki, kenako ndinamubweza. Lachinayi madzulo ogulitsa ananditumizira imelo yoti andibwezera ndalama zanga. Lero ndi Lachitatu, koma mu akaunti zii. Pogula paja ndalama zinachoka nthawi yomweyo, nanga pobweza zikuchedweranji? Kodi sanandidyere amenewa?"

Mtima m'malo, sindikukhulupirira kuti akudyerani. Tiyambe ndi tsiku logula lija, chifukwa chimene munaona pa foni sichimene chinachitika kumbuyoku. Mutalipira, banki yanu inangofunsidwa ngati khadilo ndi labwino komanso ngati ndalama zilimo zokwanira. Inavomera, n'kuzigwira ndalamazo kuti musazigwiritse ntchito pa zina. Kwa inu zinaoneka ngati zapita, koma ogulitsa anazilandira patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Choncho ngakhale pogula ndalama zinayenda pang'onopang'ono, kungoti simunazione zikuyenda. Pobweza zimadutsa njira yomweyo mobwerera: kuchoka kwa ogulitsa kupita ku banki yawo, kuchoka kumeneko kudzera ku Visa kapena Mastercard, makampani oyendetsa makhadi, kenako kufika ku banki yanu, imene imazilemba mu akaunti. Aliyense mwa amenewa ali ndi nthawi yake yogwirira ntchito, ndipo palibe amene amathamanga.

Tiyeni tiwerenge masiku anuwo. Imelo ya Lachinayi madzulo nthawi zambiri imangotanthauza kuti wina wadina batani lovomereza. Ogulitsa ambiri satumiza malipiro limodzilimodzi, amasonkhanitsa zonse za tsikulo n'kuzitumiza pamodzi ku banki yawo akamatseka. Ngati batanilo linadinidwa atatseka kale, zanuzo zinanyamuka Lachisanu. Loweruka ndi Lamlungu mabanki ambiri salemba ndalama zotere m'maakaunti, ndiye masiku awiriwo musawawerenge. Lolemba kapena Lachiwiri uthenga unafika ku banki yanu, nayonso ikhoza kutenga tsiku kapena masiku angapo isanazilembe. Inu mukuwerenga masiku 6, pomwe a ku banki akuwerenga masiku 4 ogwira ntchito: Lachisanu, Lolemba, Lachiwiri ndi lero. Ogulitsa ambiri amalonjeza masiku 5 mpaka 10 ogwira ntchito, omwe pa kalendala ndi sabata imodzi mpaka ziwiri, ndipo pakakhala holide pakati nthawi imatalikirapo. Simunadutse malire.

Komabe musangokhala manja lende. Pali nambala imodzi imene ndimauza aliyense kuti aifunse, ndipo dzina lake ndi ARN. Imakhala ndi manambala 23, ndipo imapangidwa kumbali ya banki ya ogulitsa pamene ndalama zalowadi mu njira ya makhadi. Ubwino wake ndi wakuti imathetsa kulozana zala. Ogulitsa akakupatsani ARN, ndiye kuti ndalama zachoka m'manja mwawo, ofunika kuwafunsa tsopano ndi a banki yanu. Akamazengereza, kapena akati nambalayo sinatuluke, ndalama zikadali kumbali yawo, kaya imelo ija inanena zotani. Nthawi zina imatuluka patapita tsiku limodzi kapena angapo chidinireni batani, ndiye akakuuzani kuti mufunsenso mawa si kuti akukuzembani. Koma ikatha sabata alibe ARN, pamenepo pali nkhani.

Polemba kwa ogulitsa musachulutse mawu odandaula. Perekani nambala ya oda, tsiku logula ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako pemphani zinthu zitatu: tsiku limene anatumiza ndalamazo, manambala 4 omaliza a khadi limene anabwezerako, ndi ARN. Samalani kuti asakupatseni nambala ya oda kapena ya lisiti lawo m'malo mwake. Imeneyo banki yanu siidziwa. Muonetsetsenso kuti ARN yomwe akupatsani ndi ya kubweza, osati ya kugula kuja, popeza ulendo uliwonse uli ndi yakeyake.

Mukaipeza, pitani nayo ku banki. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera atakhumudwa, chifukwa munthu woyamba kuyankha foni kapena wokhala pa kauntala nthawi zambiri amangoona zomwe inunso mukuona pa apu, ndiye amati "palibe chalowa". Sakunama, kungoti sakuona patali. Muuzeni kuti muli ndi ARN ndipo mukufuna a dipatimenti ya makhadi afufuze. Amenewo ndi amene amatha kuona ngati ndalama zafika koma sizinalembedwe. Musachoke opanda nambala ya dandaulo lanu, kuti mukadzaimbanso musadzayambirenso kufotokoza pachiyambi.

Musanavutitse aliyense, yang'anani kaye sitetimenti yanu mofatsa, chifukwa nthawi zina ndalama zimakhala zinabwera kale mwakachetechete. Ine zinandichitikirapo. Ndinathetsa oda patangopita maola ochepa nditalipira, n'kukhala masiku ambiri ndikudikira mzere wolembedwa `Refund`. Mzerewo sunabwere. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti mzere wa kugula uja, womwe unali ndi mawu oti `Pending`, kutanthauza kuti ndalama zangogwiridwa, unangosowa, ndipo ndalama zotsala mu akaunti zinali zitabwerera mwakale. Ogulitsa anali asanatenge ndalamazo, choncho panalibe choti abweze, banki inangomasula zomwe inagwira zija. Zikatero nthawi zambiri sipakhala ARN, ndipo umboni wanu ndi kusowa kwa mzerewo. Kwa inu amene katundu anafika n'kubwezedwa, izi n'zokayikitsa, koma kuyang'ana sikulipiritsa. Mabanki ena amalembanso ndalama zobwezedwa pa deti lomwe ogulitsa anazitumiza, osati lomwe zaonekera, ndiye mzerewo umakabisala pakati pa zakale. Tsikani m'munsi mpaka tsiku logula.

Ndalama zimabwerera pa khadi lomwe munalipirira. Ngati khadilo linatha nthawi kapena munalisintha litatayika, kawirikawiri banki imazilondolera ku akaunti yomweyo, ngakhale zimenezi zikhoza kuwonjezera masiku. Akaunti ikakhala yotsekedwa m'pamene pamavuta, ndipo ARN imafunika kwambiri kuti adziwe komwe zaima. Ngati munalipira mu ndalama za dziko lina, musadabwe zikabwera zochepa kapena zochuluka pang'ono, chifukwa zimasinthidwa pa mtengo wa tsiku lobweza, ndipo chindapusa chomwe banki inadula posintha sichibwerera nthawi zonse.

Nanga masiku 10 ogwira ntchito akatha, ARN palibe, ogulitsa ayamba kukhala chete? Pitani ku banki yanu mukatsegule dandaulo lakuti munalonjezedwa kubwezeredwa koma sizinachitike. Banki ili ndi njira yokatenga ndalamazo ku banki ya ogulitsa. Pa makhadi a Visa amayamba adikira masiku 15 kuchokera pa tsiku la lonjezolo, ndipo mwayi wodandaula sukhala mpaka kalekale, nthawi zambiri ndi masiku 120. Imelo ya Lachinayi ija musaifufute, ndi umboni wanu waukulu, pamodzi ndi lisiti losonyeza kuti katunduyo munamubwezadi.

Kwa inu, lero lembani imelo yopempha ARN. Tsiku la 10 logwira ntchito likukwana Lachinayi la sabata yamawa, ngati palibe holide pakati. Likafika Lachisanu lake mu akaunti mudakali zii, pitani ku banki ndi nambalayo kapena ndi imelo ija.