Kaunjika ndi telala wa pakhonde

"Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndasunga kandalama ndikufuna ndigule makina ndiphunzire utelala, koma aliyense akungoti kaunjika anapha kale ntchito imeneyi, ndingotaya ndalama. Zoona? Nanga boma bwanji osangoletsa kaunjikayo?"

Achimwene gulani makinawo, koma mumve kaye kuti musokapo chani, chifukwa apa mpomwe ambiri amagwera. Ine ndakulira pakhonde la sitolo, bambo anga anali telala ndipo makina akuda opalasa ndi mwendo aja ndikuwagwiritsabe ntchito mpaka pano magetsi akathima. Nthawi yawo bambowo munthu amagula nsalu m'sitolomo, kutuluka panja, kuwapatsa kuti andisokere malaya, kabudula wa mwana, diresi la amayi la Khirisimasi. Ntchito imeneyo nde inafadi, tisanamizane. Palibe angabwere kwa inu lero kuti mundisokere shati yoyera yopita nayo kuntchito, ndipo akabwera mudzamuuza mtengo adzaseka nkumapita.

Tiwerengere limodzi muone chifukwa chake. Shati ya manja aatali ya munthu wamkulu imadya nsalu pafupifupi mamita awiri, onenepa kuposa apo. Onjezani mabatani, ulusi, chokhwimitsira kolala ndi m'mikono, makala a simbi. Kudula ndi kusoka bwinobwino, kolala ikhale ngati kolala osati khutu la galu, ndi theka la tsiku kwa munthu wozolowera, inu ophunzira tsiku lathunthu. Nde tingoyerekeza kuti mita ya nsalu ndi K6,000, ndiye kuti K12,000 yapita musanagwire sizasi, tizinthu tina tija mwina K2,000, tsono ntchito yanu mutchaja zingati? Pomwe uko pamsika mnyamata waphwanya belo m'mawa, mashati ali mbwee pa pulasitiki, kolala yosokedwa kufakitale, ena olembedwa dzina lodziwika pakhosi, ndipo mtengo wake nthawi zambiri sufika olo pa nsalu yokha ija. Chifukwa chake nchoti chovala chija mwini wake ku Ulaya kapena ku Amerika kapena ku China anachipereka chaulere, ndalama yalowapo ndi yosankha, yopanikiza mu belo, ya sitima, msonkho ndi phindu la oodetsa basi. Inu mukulipira thonje, fakitale ndi thukuta lanu, iwo ayi. Mpikisano umenewu simungapambane ndipo musauyambe nkomwe.

Koma belo lomwelo lili ndi chilema chimodzi chomwe chimatidyetsa ife, silimuyeza munthu. Belo la makilo 45 limabwera lomangidwa, ogula sanaone zamkati, ndipo zovala zake zinasokedwera matupi a anthu ena, ataliatali, ena mimba ngati ng'oma. Munthu akapeza thalauza yabwino nsalu yolimba saisiya chifukwa choti yakula, amagula nkubwera nayo pakhonde kuti mundibwezereko. Mukaona mmene matelala amakhalira pamisika, kaya ku Limbe kaya ku Tsoka ku Lilongwe, mupeza makina ali pafupi penipeni ndi ogulitsa kaunjika, si mwangozi ayi. Tsiku lophwanya mabelo ndi tsiku lomwe ife sitidya nkhomaliro.

Nde kubweza chovala anthu amakuyesa ntchito yachibwana koma ndi pomwe telala amadziwikira. Ndikupatseni chitsanzo cha thalauza ya suti. Wabwera munthu chiuno chake 32, thalauza wagula ndi 34. Imeneyo njosavuta, mumasula msoko wakumbuyo kuyambira pa lamba kutsika, mumachotsa inchi imodzi mbali iyi imodzi mbali inayo, nkumapita mukuchepetsa pang'onopang'ono mpaka mzere ukakumane ndi msoko wakale kumunsi, osasiya kona, mukasiya kona pamatuluka kachitumbo kumatakoku munthu akamayenda. Ndipo nsalu yotsalayo musadule, ipindeni mkati muisite, mawa akanenepa abwera mudzamumasulire mudzadyenso. Koma wina abwera ndi 38 akufuna ikhale 32. Mukangoti muchotse mainchi 6 onse kumbuyo, matumba akumbuyo aja amakumana pakati ngati maso a nkhanu, a m'mbali amathawira kumbuyo, munthu akapisa dzanja akupisa kumsana. Imeneyo imafuna kumasula lamba yense, kugawa zochotsazo m'mbali ndi kumbuyo, nthawi zina kusuntha matumba, ntchito yolingana ndi kusoka yatsopano, nde mumuuziretu mtengo asanachoke kapena mumuuze kuti akasinthe. Ine ndili mnyamata ndinaononga thalauza ya aphunzitsi ena chonchi, anaivala pomwepo nkutembenuka, anthu onse pakhonde kufa nako kuseka, ndinalipira ndi ndalama ya sabata yonse.

Jinzi ndi nkhani ina. Lamba wake nthawi zambiri alibe msoko kumbuyo, mumachita kuchotsa kalupu kapakati, kudula, kulumikiza, nkubwezeretsa kalupu pamwamba kuti kabise. Singano ikhale 16 kapena 18, mukaika 14 ya zitenje ithyoka pamphambano pomwe nsalu zasanjikizana, ndipo pamenepo yendetsani gudumu ndi dzanja osapalasa. Pa shati ndi jekete yang'anani mapewa kaye. M'mbali mutha kubweza, manja mutha kufupikitsa, koma mapewa akagwera pamkono ndiye kuti muchotse dzanja lonse mudulenso, ndipo jekete yokhala ndi layining'i ndi timapilo ta m'mapewa ngati simunaphunzire bwino ingokanani, palibe manyazi.

China choti mudziwe musanagule makina, kaunjika wa masiku ano wadzadza ndi nsalu zotamuka, matisheti, malegini, madiresi omata thupi. Makina akuda aja amasoka mzere woongoka wokha, mukasoka nsalu yotamuka munthu akangovala ulusi umaduka phwi, kapena makina amalumpha misoko, mukaona mzere uli ndi mipata dziwani kuti singano siyoyenera, imafuna ija yobuntha kunsonga. Ndiye ngati ndalama ikulola pezani makina okhala ndi zigizagi, ovaloko yomangira m'mphepete mwa nsalu mudzagula pambuyo, poyamba muzikalipira kwa anzanu omwe ali nayo. Koma akudawo musawanyoze, ndi magetsi athuwa tsiku lina ndi omwe adzakupulumutseni.

Vuto la kubweza ndi loti ndi ndalama ya ndiwo. Mupinda mathalauza khumi, musintha mazipi asanu, madzulo muli ndi ya ufa ndi sopo koma simumanga nayo nyumba. Ndalama yeniyeni ili pa zinthu zomwe belo silinganyamule olo litafuna. Ku Ulaya kulibe amavala yunifolomu ya pulayimale ya kwanuko. Kulibe bulauzi yoyera ya amayi a Mvano, kulibe yunifolomu ya kwaya, kulibe anthu 30 ofuna kuvala nsalu imodzi pa chinkhoswe. Mwezi woti sukulu zikutsegulira matelala amagona pamakina, nyengo ya maukwati chimodzimodzi. Ndipo ine ndimaona ngati kaunjika anachita kukweza ulemu wa chitenje, chifukwa kale chosoketsa chinali cha tsiku lililonse, pano munthu Lolemba mpaka Lachinayi ali mu kaunjika, koma pa ukwati, kutchalitchi, kapena Lachisanu kuofesi akufuna chake chomuyeza iyeyo choti wina asafanane naye. Oterowo salimbana nawe kwambiri pa mtengo, amalimbana nawe pa tsiku. Matenda athu matelala ndi aja a bwerani mawa, ndipo ndi omwe athawitsa makasitomala ambiri kuposa kaunjika, izi ndikunena ine mwini ntchito.

Mavalidwe nawonso anasintha ndipo si zonse zoipa. Ife tinakula mwana ali ndi malaya amodzi a zigamba, kuchapa nkudikira aume. Lero mwana wa kumudzi ali ndi juzi mu Juni, wakabaza ali ndi jekete yamvula. Azimayi mpaka 1993 lamulo silimawalola thalauza, litangochoka ndi kaunjika amene anawapatsa majinzi pa mtengo woti angakwanitse. Koma onani mayi yemweyo, pamwamba tisheti yolembedwa za mpira wa dziko lomwe sanalimvepo, pansi wamanga chitenje, ndipo kumaliro sangapite opanda chitenjecho. Chimene chinasowa ndi diresi wamba losoketsa lija, chitenje chilipo.

Za kuletsazo, pamenepo ndimasiyana ndi anzanga ena. Nsalu yomwe tikusoka ndi yakuti? Kale tinali ndi fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima limasanduka nsalu konkuno, boma linaigulitsa mu 2003 kwa a Mapeto. Ku Zambia fakitale ya nsalu ya Mulungushi ya ku Kabwe inatseka mu 2007, ndipo kumeneko kaunjika amati salaula, nkhani yake ndi yomweyi. Koma musamuunjikire zonse kaunjika, misika itatsegulidwa zaka za m'ma 1990 kunalowanso nsalu ndi zovala zatsopano zotchipa za ku Asia, makina a m'mafakitale athu anali okalamba, magetsi ovuta. Pitani mukafunse m'mashopu a zitenje, zambiri ndi zochokera kunja, China, India, Tanzania. Nde mukaletsa kaunjika mawa, kasitomala sabwera kwa ine, apita kukagula shati yatsopano ya ku China yong'ambika pakatha miyezi itatu, ndipo imeneyo imabwera masaizi onse, safunanso telala wobweza.

Rwanda anayesa. Mu 2016 anakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 a dola kufika madola 2.50 pa kilo, anzake a Kenya, Uganda ndi Tanzania omwe anagwirizana nawo zoletsa anabwerera m'mbuyo Amerika itaopseza, ndipo mu 2018 Amerika inachotsadi zovala za Rwanda pa mwayi wa AGOA wolowa m'dziko lawo opanda msonkho. A ku Rwanda anapirira nazo chifukwa anali ndi pulani yomanga mafakitale awo. Ife tikatseka chitseko mafakitale okwanira kulibe, ovutika ndi amayi aja ogulitsa pa pulasitiki ndi ogula awo.

Ndipo pano kaunjikayo akudziletsa yekha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola nkusowa, mtengo wa belo unakwera mpaka mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Mungaganize kuti ife tinasangalala, ayi ndithu, chifukwa dola yomweyo ndi imene imagula nsalu, ulusi, mazipi ndi singano zomwe. Chomwe ndaona pakhonde panga nchoti anthu ayambiranso kubweretsa zakale, kutembenuza kolala yoperepeseka, kuika chigamba pakati pa miyendo ya jinzi, zinthu zomwe zaka zisanu zapitazo akanangotaya nkukagula ina.

Ndiye inuyo mukagula makina musathamangire kosi ya suti. Pitani pamsika madzulo mtengo utagwa, mugule mathalauza ndi mashati otsalira aja osafunidwa, muziwamasula msoko uliwonse muone mmene anawalumikizira, kenako muwabwezeretse. Thalauza khumi zikadutsa m'manja mwanu choncho mukhala mutadziwa kuika zipi ndi thumba. Mukatero kapempheni malo kwa telala wamkulu mwezi woti sukulu zili pafupi kutsegulira, nthawi imeneyo sakana munthu wothandiza kupinda ndi kuika mabatani.