Mutu ndi mfundo zogulitsira madengu a bango kunja pa intaneti

Funso: "Abale anga, ndili ku Ulongwe, ndimagula madengu a bango kwa amayi oluka n'kumatumiza ku America ndi ku Ulaya. Mutu ndinalemba kuti `Beautiful African Basket Best Quality From Tete` koma anthu sakuwapeza, ndipo amene anagula akuti dengu ndi laling'ono. Ndilembe bwanji mutu ndi mfundo zija zisanu za m'munsi?"

Mayi, musanakhudze mutuwo tengani dengu limodzi muliyang'anitsitse kuti lalukidwa ndi chiyani. Kuno tikati dengu la bango nthawi zambiri thupi lokha ndiye la bango, pamene mkombero wa kukamwa ndi wa nsungwi, ndipo chosokera ndi mlaza, luzi kapena ulusi wosolola ku thumba la feteleza. Wogula wakunja amawerenga liwu lililonse ngati lonjezo. Bango pa Chingelezi ndi `reed`, nsungwi ndi `bamboo`, mlaza ndi `palm leaf`. Mudzaona ena akulemba `rattan` kapena `seagrass` chifukwa mawuwa amafufuzidwa kwambiri, koma zimenezo ndi zomera zina, ndipo wodziwa akalandira dengu lanu adzadandaula kuti katundu sakufanana ndi zolembedwa. Dandaulo lotere nthawi zambiri amapambana ndi wogula, ndalama n'kubwezedwa dengu lili kale kutsidya kwa nyanja. Liwu loti `wicker` mukhoza kuligwiritsa ntchito chifukwa limanena za kalukidwe, osati za chomera. Ngati pali ulusi wa pulasitiki ngakhale pa mkombero pokha, musalembe kuti zonse ndi zachilengedwe.

Tsono mutu. Mutu umagwira ntchito ziwiri: makina ofufuzira amaufananitsa ndi mawu amene munthu walemba, kenako munthuyo amauona pa foni, pamene pamaoneka mawu oyamba okha, ena onse atadulidwa. Palibe amene amalemba `beautiful` kapena `best quality` pofufuza. Amalemba chinthucho ndi ntchito yake, monga dengu losungiramo zinthu. Dzina la Tete nalonso ambiri kunja salidziwa, choncho lisungireni m'mfundo za m'munsi, mu mutu muike dziko. Ndondomeko yake ikhale iyi: chinthu, chopangira, ntchito, chiwerengero, kukula, kenako kochokera. Tiyerekeze kuti mukugulitsa madengu atatu ozungulira olowana, a masentimita 35, 28 ndi 22 kukamwa:

```
Handwoven Reed Storage Baskets, Set of 3, Round, 14/11/9 Inch, Natural, Made in Mozambique
```

Zimenezi ndi zilembo 90 kuwerengera ndi mipata yomwe. Mwa masamba ogulitsira pa intaneti, Etsy amalola 140, Amazon mu 2025 ankalola 200 pa katundu wambiri, koma eBay amathera pa 80, ndiye kumeneko chotsani `Round` ndi `Natural`, zitsala 74. Musadzazire malo onse chifukwa choti alipo. Amazon salola liwu limodzi kubwerezedwa kupitirira kawiri mu mutu, komanso amakana zizindikiro monga `!` ndi `$`. Ngati muli ndi dzina la bizinesi lolembetsedwa kumeneko, limayamba ndilo. Kwa ogula a ku Portugal mutu uyambe ndi `Cestos de caniço feitos à mão`, ndipo miyeso ikhale m'masentimita. Mainchi ndi a ku America.

Dandaulo lakuti dengu ndi laling'ono limathetsedwa ndi mfundo yoyamba, ndipo pamenepa mpamene muyenera kutayapo nthawi. Musayeze dengu limodzi lokongola lomwe munajambula lija. Tengani magulu khumi a madengu atatu aja, muyeze dengu lililonse ndi tepi malo atatu: kukamwa kuchokera kunja kufika kunja, pansi cham'kati, ndi msinkhu popanda zogwirira. Mupeza kuti lalikulu lija kwa woluka wina latuluka 34, kwa wina 36, ngakhale onse munawauza 35. Lembani chapakati, ndipo munene poyera kuti kusiyana kumafika masentimita angati. Posintha, gawani masentimita ndi 2.54: 35 akhala mainchi 13.8, 28 akhala 11, 22 akhala 8.7. Mu mutu tinazungulitsa manambala kuti ufupike, koma mu mfundo lembani enieni.

```
Sizes (width x height): 13.8 x 9.8 in (35 x 25 cm), 11 x 7.9 in (28 x 20 cm), 8.7 x 6.3 in (22 x 16 cm). Woven by hand, so each may vary by up to 0.8 in (2 cm).
```

Chifukwa chake cholimbikira chonchi n'chakuti anthu akunja sagula dengu kuti akasenzere tomato ku msika. Amaligula kuti lilowe penapake. Ambiri ali ndi mashelefu a timabokosi, monga a sitolo ya mipando ya IKEA otchedwa Kallax, omwe chipinda chilichonse ndi masentimita 33 mulifupi ndi 33 msinkhu. Dengu lanu la 35 sililowamo, la 28 limalowa bwino. Ena amafuna kubisamo mphika wa maluwa, ndipo kwa iwowo chofunika ndi muyeso wa pansi cham'kati, chifukwa madengu athu amapanikiza kumunsi. Dengu la 28 kukamwa likhoza kukhala ndi 21 pansi. Ikani nambala imeneyo mu mfundo yomweyo kapena pa chithunzi chokhala ndi tepi yoyalidwa pa dengu. Kunena zoona, mukanauza oluka kuti lalikulu azilithera pa 31 kapena 32, mukanapeza ogula ambiri kuposa kusintha liwu lililonse mu mutu.

Mfundo yachiwiri ndi ya chopangira, ndipo ingonena zimene munaona m'manja muja:

```
Materials: split river reed body, bamboo rim, palm leaf binding. No dye or varnish. Woven in Angónia, Tete Province.
```

Apa mpamene Angonia ndi Tete zikugwira ntchito, chifukwa munthuyo wafika kale pa tsamba lanu ndipo akufuna kudziwa kwawo kwa chinthucho. Ngati mumapaka vanishi kapena mumanyika bango mu utoto wogula ku sitolo, nenani. Utoto wina umasuluka ukakhudza nsalu yonyowa. Pukutani dengu ndi kansalu koyera konyowa, kakasintha mtundu dziwani kuti matawulo a wogula adzateronso. Mawu onga `eco-friendly` ndi `antibacterial` asiyeni. Amazon amachotsa mfundo zotere, ndipo simungazitsimikizire munthu atakufunsani. Chimodzimodzi `fair trade`: kunja amaliona ngati chizindikiro chokhala ndi satifiketi, ndiye ngati mulibe, ingonenani kuti mumagula mwachindunji kwa oluka.

Yachitatu inene ntchito ya dengulo ndi malire ake. Bango long'alula ndi lopepuka koma ndi lophweka kuthyoka likauma kwambiri, makamaka popindika pa ngodya ya pansi ndi pomangirira zogwirira. Yesani nokha: thirani chimanga cha makilogalamu 5, mupachike dengu pa zogwirira usiku wonse. Likacha lili bwino, lembani makilogalamu 3, osati 5, chifukwa m'nyumba zotenthetsedwa za kunja mpweya ndi wouma nthawi yozizira ndipo bango limagwa mphamvu. Tchulani zinthu ziwiri kapena zitatu zoikamo, monga matawulo, zidole, ulusi wolukira. Musalembe kuti ndi la nkhuni kapena mabuku. Mukatchula maluwa, onjezani kuti dengulo lilibe chotchinga madzi m'kati, pafunika kambale pansi pa mphika, apo ayi pansi pake padzachita chuku n'kuola.

Yachinayi ndi ya kasamalidwe, ndipo ndi yaifupi: kupukuta ndi nsalu youma kapena burashi yofewa, osanyika m'madzi, osasiya m'bafa mopanda mpweya kapena padzuwa la pawindo nthawi yaitali.

Yachisanu inene zimene munthu adzaone akatsegula katoni. Mtundu wa bango sufanana, lina lotuwa lina lachikasu, timfundo ta bango timaoneka, ndipo pamakhala kafungo ka udzu kamene kamatha likakhala pa mpweya masiku angapo. Kafungo kameneka mukakanena nokha sikakhalanso mlandu. Koma fungo la utsi musalilembere, lichotseni: madengu amene anasungidwa m'khitchini ya nkhuni musawatumize. Nenaninso kuti atatuwo amabwera atalowana m'katoni imodzi.

Kulowanaku kukhudza mutu, n'chifukwa chake tinaikamo `Set of 3`. Makampani otumiza pa ndege monga DHL salipiritsa kulemera kokha, amawerengeranso malo amene katoni yatenga: utali kuchulukitsa ndi mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kugawa ndi 5000, ndipo mumalipira nambala imene yakula pakati pa imeneyo ndi ya pa sikelo. Katoni ya 38 x 38 x 28 imatuluka makilogalamu 8.1, pamene madengu atatuwo pa sikelo mwina sakwana 2. Dengu lalikulu lokha lifuna katoni yomweyo ndi mtengo womwewo. Mukatumiza atatuwo padera, lapakati litenga 4.4, laling'ono 2.4, pamodzi pafupifupi 15. Choncho gulu la atatu ndilo katundu wanu weniweni, ndipo mutu, chithunzi choyamba ndi mfundo yoyamba zonse zinene nambala yomweyo. Chithunzi chikaonetsa madengu asanu mutu ukunena atatu, wina adzayembekezera asanu.

Za mtengo wotumizira ndi masiku ofikira musaziike m'mfundo. Amazon amaletsa, ndipo masamba onse ali ndi malo ake a zimenezo. Koposa zonse musalonjeze kuti kulibe msonkho. Ku mayiko a mgwirizano wa Ulaya, kuyambira pa 1 Julaye 2021 katundu aliyense wochokera kunja amalipiridwa msonkho wa malonda ngakhale akhale wotchipa, ndipo ku America mwayi uja wolowetsa katundu wosapitirira madola 800 popanda msonkho unaimitsidwa pa 29 Ogasiti 2025. Pa fomu ya kasitomu madengu a bango amalowa pa nambala `4602.19`, a nsungwi pa `4602.11`, ndipo mawu a pa fomu afanane ndi a mu mfundo yachiwiri ija.

Chotsala ndi tizilombo. Ena amalemba `pest free` popanda chimene achita. Gogodani dengu pa pepala loyera. Pakagwa kaufa konga ka mgaiwa, kapena mukaona timabowo tonga tobayidwa ndi singano, lafumbwa, makamaka pa mkombero wa nsungwi, ndipo limenelo lichotseni. Otsalawo akulungeni mu pulasitiki ali ouma bwino, muwaike mu firiji yozizira madigiri 18 pansi pa ziro kwa mlungu wathunthu, ndipo mukawatulutsa musamasule pulasitikiyo kufikira atasiya kuzizira, kuti chinyontho chigwere kunja. Mukatero mukhoza kulemba chimene munachitadi, kuti anaikidwa mu firiji masiku asanu ndi awiri. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala kufika Malichi, ponyani timapaketi toyamwa chinyontho m'katoni ndipo longedzani ndi mapepala, osati udzu kapena makoko a chimanga. Australia ndi New Zealand amayendera kwambiri katundu wa zomera, ndipo akapeza kachilombo, njere kapena dothi, katunduyo amathiridwa mankhwala pa mtengo wa wogula kapena kuwonongedwa. Poyamba mayiko awiriwa achotseni pa mndandanda wa kumene mumatumiza.