Za kutalika zija, yankho la msuweni

"Inu aphunzitsi a pabanja pano, tandiuzani. N'chifukwa chiyani amuna amakhala aatali kuposa akazi? Ndangofunsa chabe."

Eee, msuweni. Wangofunsa chabe eti? Iweyo? Hahaha. Ine ndakumva kale. Si za amuna ndi akazi izi, ndi za mapasa akowo. Chithunzi cha kutchalitchi chija ndinachiona, mtsikana wamupitirira mlongo wake ndi mutu wathunthu, ndipo ndikudziwa amene wayamba kulankhula kuti mnyamatayo watengera kwathu. Sinditchula dzina, gulu lino lili ndi makutu ambiri.

Dikira ndikhale kaye, ndangotsika chapa kuchokera ku Ulongwe... eya.

Ukukumbukira ng'ombe ziwiri za malume zija? Ayi, osati za mlandu zija, zinazo, zimene anagula ku Domwe zili ana. Zinali zofanana msinkhu, ngati mapasa akowo. Imodzi anaifula ikadali yaing'ono kuti idzakoke ngolo, inayo anati ikhale nkhunzi chifukwa inali ndi mphumi yokongola. Papita zaka, yofula ija miyendo tolotolo, yaitali ngati ikufuna kuona za kuseri kwa phiri. Nkhunzi ija khosi ili, chifuwa ichi, koma yofupikirako. Tsono ng'ombe ina ya pagoli itafa, malume ndi kuuma mutu kwawo kuja anati palibe kugula ina, nkhunziyo ilowe. Anthu anawauza. Agogo anawauza. Iwo ayi. Anamanga ziwirizo pagoli limodzi, napakira matumba a kachewere. Goli linapendekeka chonchi, eee sukundiona, koma chonchi, ngolo n'kumangokhotera mbali imodzi mpaka inakagona mu ngalande pafupi ndi dimba lija. Kachewere mbwee! Malume, mmene analiri afupi muja, anayima pamwamba pa thumba kuti akalipe bwino, akuti wogulitsa uja anawasinthira ng'ombe usiku. Mpaka anamwalira akunena zomwezo. Mulungu awasunge, munthu uja sankagonja.

Koma palibe amene anawasinthira. Fupa la mwendo silikula paliponse, limakulira kumapeto. Ukamadya mwendo wa nkhuku yaing'ono, kumapeto kuja kumene kumakhala kofewa, kotafunika, eya, mwana amakhala ndi kamzere kofewa kotero pafupi ndi mapeto a mafupa aatali. Pamenepo ndi pamene fupa limawonjezera utali. Tsiku limene kamzereko kauma n'kusanduka fupa lenileni, kutalika kwatha, kaya udye nkhuku tsiku ndi tsiku. Chimene chimakaumitsa ndi mahomoni a kutha msinkhu. Ng'ombe yofula ija mahomoniwo anachepa, kamzere kanachedwa kutsekeka, miyendo inangopitirira.

Apa ndi pamene ana a sukulu amandiyang'ana ngati ndaledzera. Aliyense amati amuna amatalika chifukwa cha tesitositeroni, homoni ya amuna. Chabwino, imathandiza, makamaka minofu ndi mapewa. Koma imene imatseka fupa ndi esitulojeni, imene anthu amati ndi ya akazi. Amuna nawonso ali nayo, thupi limatenga tesitositeroni ina n'kuisandutsa esitulojeni. Mu 1994 madokotala a ku America analemba za bambo wina wa zaka 28 amene thupi lake silinkaimva esitulojeni n'komwe. Tesitositeroni anali nayo, ndevu anali nazo, koma anafika masentimita 204 ndipo anali akukulabe, mafupa osatseka. Ng'ombe ya malume yeniyeni... ayi, pepani, si bwino kumutero munthu, komanso iye sanafulidwe. Koma wamva.

Tsono mtsikana esitulojeni imabwera msanga, ndipo imabwera yambiri. Pa zaka 10, 11, wayamba kuthamanga, chaka chimene akukula kwambiri amawonjezera ngati masentimita 8. Akangoyamba kusamba, kwatsala pang'ono, mwina masentimita 5 mpaka 7, basi chitseko chatsekedwa. Mnyamata amayamba patapita zaka ngati ziwiri. Zaka ziwiri zodikirazo sakhala chilili, akukula pang'onopang'ono, masentimita ngati 5 pachaka. Ndiye pamene akuyamba liwiro lake, chapa 12, 13, akuyambira pamwamba kale, ndipo liwiro lakelo limaposako, 9 kapena 10 pachaka. Ukaphatikiza ndi pamene pamachokera masentimita ngati 13 amene amasiyanitsa amuna ndi akazi. Mbali yaikulu ndi ya kuchedwa kuja.

Wamva tsono? Mwana wakoyo sanatsalire. Pa zaka 12 mtsikana kupitirira mnyamata ndi mmene zimakhalira, kalasi langa lililonse atsikana ndi amene amayima kumbuyo pamzere.

Za chifukwa chake zinakhala chonchi kuyambira makolo akalekale... aaa, apa akatswiri amakangana ngati ife pamaliro. Darwin, katswiri wa zamoyo uja, kale mu 1871, anati nyama zimene amuna amamenyanirana akazi, aamunawo amakula matupi chifukwa wamkulu ndi amene amasiya ana ambiri. Taona nyani wamwamuna akamaba chimanga, thupi lake poyerekeza ndi wamkazi. Gorila wamwamuna amalemera pafupifupi kawiri wamkazi. Ife anthu kusiyana kwathu n'kochepa, pa utali sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye ngati makolo athu ankamenyana, sizinali ngati za gorila. Ena akuti tisamangoyang'ana amuna. Thupi la mkazi limasiya kukula msanga chifukwa mphamvu zikusungidwira mimba ndi kuyamwitsa, ndipo esitulojeni imene ikukonza zimenezo ndi yomweyo ikutseka mafupa. Ine ndimakhulupirira kwambiri mbali imeneyi, chifukwa imaoneka m'fupa momwemo. Ya ndewuyo amuna amaikonda chifukwa imawakomera, amuna ako akamva asangalala, usawauze.

Ayi, dikira, ndisakunamize kuti zonse zili bwino popanda kuyeza. Tenga tepi ya telala. Iwe uli ngati 157, si choncho? Bambo akewo tinene 168, ngakhale iwo anena 175. Phatikiza, ndi 325. Kwa mnyamata wonjezera 13, ndi 338, gawa pawiri, 169, ndiwo utali umene angadzafike akakula. Kwa mtsikana chotsa 13, ndi 312, gawa pawiri, 156. Si lonjezo, zikhoza kukwera kapena kutsika ndi masentimita 8 ndi kupitirirako, komanso kudya ali wamng'ono kumawerengedwa. Koma ukuona kumene aliyense akulowera. Mtsikanayo wayandikira kale pofikira pake, mlongo wakeyo ulendo sanauyambe.

Mnyamatayo muyimike pakhoma opanda nsapato, zidendene zigunde khoma, ika buku pamutu, lemba ndi makala ndi tsiku lake. Bwerezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yomweyo ya m'mawa, chifukwa madzulo munthu amafupikako pang'ono. Ngati pachaka sakufika masentimita 4, kapena afika zaka 14 popanda chizindikiro chilichonse cha kutha msinkhu, apo pita naye kuchipatala. Ndipo chizindikiro choyamba si mawu kapena ndevu ayi, zimenezo zimabwera mochedwa, ndi kukula kwa kumaliseche, ndiye zimenezo afunse bambo ake kapena amalume ake, osati iwe, ungamuchititse manyazi mwana. Ndipo chonde, usamugulire mankhwala a pamsika oti amatalikitsa. Ngati muli mahomoni, akhoza kutseka mafupa msanga, n'kukhala wamfupi chifukwa cha mankhwala omwewo.

Ndiye kawauze aja olankhula aja kuti mnyamata akungochedwa, ndipo kuchedwako ndi kumene kudzamutalikitse. Adikire Khirisimasi itatu. Akadzakhalabe wamfupi, chabwino, watengera malume, tidzamugulira thumba la kachewere loyimapo. Foni ikutha moto, moni kwa azakhali.