Cheke chabwerera, mwini wake akuchifunanso

"Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi loja ya feteleza ndi mbewu ku Ulóngwe. Mu Disembala kasitomala wina wa ku Tsangano anatenga matumba 60, mtengo wake mametikali 180,000, n'kundilembera cheke cha deti la 2 Juni kuti ndidzatape akagulitsa soya. Ndinachiika ku banki pa 4 Juni, chabwerera, akuti mu akaunti mulibe ndalama. Tsopano akuti ndimubwezere chekecho andilembere china cha Ogasiti, kapena azindipatsa pang'onopang'ono pa M-Pesa. Nditani?"

Mayi, pepani ndithu. Koma chekecho musamubwezere. Ngakhale abwere ndi amalume ake, ngakhale alire, chisatuluke m'manja mwanu mpaka ndalama yomaliza italowa. Ndikufotokozerani chifukwa chake, poti ineyo ndinapsapo pa nkhani ngati yomweyi ndikugulitsa simenti ku Moatize.

Tengani chekecho muchitembenuze. Kumbuyoko payenera kukhala chidindo cha banki, chokhala ndi deti komanso chifukwa chimene akanira kulipira. Nthawi zina chidindocho chimakhala chofooka, inki yake yosaoneka bwino, ndiye chiyang'aneni powala. Muwerenge zinthu ziwiri: tsiku lake ndi liti, ndipo chifukwacho akuti chiyani. Ngati anangokubwezerani pa kauntala ndi mawu apakamwa oti "mulibe ndalama" popanda kudinda kanthu, bwererani mukapemphe kuti alembe. Mawu a munthu wa pa kauntala sapita kukhoti, chopita ndi chidindo.

Deti ndikulilimbikira chifukwa lamulo la macheke limene timatsata kuno ku Mozambiki, lochokera ku mgwirizano wa ku Geneva wa 1931, limati cheke cholembedwa ndi kulipidwa m'dziko lomwelo chikaonetsedwe ku banki pasanathe masiku 8. Masikuwo amawerengedwa kuchokera pa deti lolembedwa pachekepo, osati tsiku limene munachilandira m'manja. Chanucho ndi cha 2 Juni, ndiye masiku 8 anatha pa 10 Juni. Inu munachiika pa 4 Juni, ndipo ngati chidindo chokanira chili cha tsiku lililonse losapitirira 10 Juni, mwaima pabwino kwambiri. Ambiri amagwa pomwepa. Kasitomala amaimba foni kuti "dikirani sabata imodzi, galimoto ya soya sinalipire", wamalonda n'kudikira mwaulemu, ndipo pofika ku banki masiku aja adutsa. Akatha masiku 8, mwini cheke angathe kuuza banki kuti isalipirenso, ndipo banki imamvera. Asanathe, kuletsa koteroko sikugwira ntchito. Munachita bwino kupita msanga.

Tsopano pali nthawi ina yachiwiri imene yayamba kale kuyenda, ndipo ndi imene ndikufuna muilembe pakhoma la loja. Mlandu wodalira chekecho uyenera kulowa kukhoti pasanathe miyezi 6 kuchokera pamene masiku 8 aja anathera. Kwa inu ndi kuyambira 10 Juni kufika 10 Disembala. Mkati mwa nthawi imeneyi cheke chodindidwa chili ndi mphamvu imene fatura wamba alibe. Simupita kukhoti kukayamba kutsimikizira kuti feteleza anatengadi, kuti anali matumba angati, ndani anaona. Mumapita kukapempha kuti khoti limulamule kulipira, ndipo akapanda kutero ligwire katundu wake: ndalama za mu akaunti, galimoto, njinga yamoto, katundu wa m'nyumba yosungira. Pa mametikali 180,000 aja mungawonjezere chiwongoladzanja ndi ndalama zimene mwawononga chifukwa cha kubwerera kwa chekecho. Ikadutsa 10 Disembala ngongole siifa ayi, feteleza anatenga ndipo ayenera kulipira, koma chekecho chimatsala ngati umboni chabe wa ngongole, ndipo njira yake imatalika komanso imampatsa mpata wotsutsa zambiri.

Mwaona tsopano chimene akupempha? Mukamubwezera cha Juni n'kulandira cha Ogasiti, mwataya pepala lokhala ndi chidindo, mwalandira pepala lopanda kanthu limene silinayesedwe. Sindikunena kuti munthuyo ndi wakuba. Mwina soya sanagulidwedi pa mtengo umene ankayembekezera, zimachitika kuno chaka ndi chaka. Koma kaya mtima wake ndi wabwino kapena ayi, inu mumatsala chimanjamanja chimodzimodzi.

Ine ndinachita zomwezo. Womanga nyumba wina anatenga simenti ya mametikali 95,000, cheke chake chinabwerera, ndipo anabwera madzulo tikutseka, atavala bwino, cheke chatsopano chili kale m'thumba la malaya. Anati banki ikumuvutitsa, akufuna chakalecho akaonetse kuti nkhani yatha. Ndinatsegula kabati, ndinachichotsa mu envelopu, ndinamupatsa. Ndimakumbukira mmene anachipindira kanayi n'kuchiika m'chikwama. Patatha miyezi iwiri chatsopanocho chinabwerera ndi chidindo choti akaunti inatsekedwa, ndipo pa nthawiyo galimoto yake yonyamula mchenga inali italembedwa kale m'dzina la mlamu wake. Ndinapezako mametikali 40,000 basi, patatha chaka ndi theka. Miyezi iwiri ija ndi imene inandipweteka, chifukwa pamene cheke choyamba chinkabwerera munthuyo anali akadali ndi katundu.

Zoti banki ikumuvutitsa zinali zoona, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu yanu. Lamulo nambala 5/98 la pa 15 Juni 1998 limanena za macheke opanda ndalama. Banki ya mwini cheke imamuuza kuti akonze nkhaniyo, ndipo akalephera angathe kulandidwa buku la macheke, dzina lake n'kupita pa mndandanda wa olemba macheke opanda ndalama umene Banco de Moçambique imasunga. Kwa munthu wogula ndi kugulitsa mbewu zimenezi n'zowawa, chifukwa mabanki ena amaona mndandandawo. Njira imodzi yosonyezera banki kuti wakonza ndiyo kubweza cheke chenichenicho monga umboni woti mwini ngongole walipidwa. N'chifukwa chake kasitomala wanuyo akuchifuna. Choncho muuzeni mwaulemu kuti chekecho achilandira tsiku limene amalize kulipira, osati lisanafike.

Za kulipira pang'onopang'ono musakane, ndalama ndi ndalama. Koma zilembedwe. Khalani pansi mulembe pepala loti iye, dzina lake lonse ndi nambala ya chiphaso chake, akuvomera kuti ali ndi ngongole ya mametikali 180,000 ya matumba 60 a feteleza, kuti cheke nambala yakuti cha banki yakuti chinabwerera pa deti lakuti, ndipo alipira motere: mwachitsanzo 60,000 lero lomwe posaina, 60,000 pa 31 Julayi, 60,000 pa 31 Ogasiti. Mulembemonso kuti akaphonya gawo limodzi, yotsala yonse ifunika nthawi yomweyo, ndiponso kuti chekecho chikhala kwa inu kufikira atamaliza. Mupite naye kwa notaliyo akatsimikizire siginecha yake. Ngati pali m'bale wake wokhala ndi katundu amene angasaine monga chikole, ndi bwino koposa. Gawo loyamba lija la tsiku losaina ndi limene limakuuzani zoona za munthu. Wofunadi kulipira amapeza kenakake, ngakhale 30,000. Amene akuti lero alibe ngakhale kakang'ono koma mu Ogasiti adzakhala ndi zonse, ameneyo akugula nthawi.

Onetsetsani kuti gawo lomaliza ligwe kutali ndi 10 Disembala. Akakuuzani kuti amaliza mu Januwale kapena akadzakololanso, kanani. Ine ndikanati pofika kumayambiriro kwa Okutobala, ngati sanamalize, mapepala akhale ali kwa loya, kuti pakhale miyezi iwiri yokonzekera. Ndalama iliyonse imene alipire mumupatse lisiti lonena kuti ndi gawo la ngongole ya cheke chija ndi yotsala ndi zingati, ndipo mauthenga a M-Pesa musafufute. Akalipira 60,000 kawiri n'kusiya, kukhoti mukafuna 60,000 yotsalayo ndi zowonjezera zake, osati 180,000 yonse.

Funso lina ndi la lisiti la mu Disembala. Pamene munkalandira chekecho, kodi munalemba kuti "walipira"? Ngati munatero, pezani kope lanu muliike pamodzi ndi chekecho, chifukwa angathe kulitulutsa n'kumati analipira kale. Nambala ya cheke ikakhala kuti inalembedwa palisitipo, nkhani yatha, zikuoneka kuti kulipira kwake kunali cheke chomwe chabwererachi. M'kaundula wanu wa ngongole dzina lake libwererenso ndi 180,000 yake, ndipo muyang'ane sitetimenti ya banki ngati anakudulani kanthu.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti thamangirani kupolisi. N'zoona kuti lamulo la 1998 lija limaika kulemba cheke chopanda ndalama m'gulu la milandu yolangidwa, ndipo mungathe kukadandaula. Koma musaike mtima wonse pamenepo. Chanucho chinalembedwa mu Disembala ndi deti la Juni, ndiye iye adzanena kuti nonse munkadziwa kuti panthawiyo ndalama munalibe, kuti chinali chikole cha ngongole osati chinyengo. Mkangano umenewo ungatenge nthawi, ndipo kumangidwa kwa munthu sikubweza feteleza. Chobweza ndalama ndi kugwidwa kwa katundu kudzera kukhoti. Mafumu ndi khoti la m'mudzi angathandize kumukhazika pansi kuti asaine pepala lija, koma mphamvu yogwira akaunti kapena galimoto alibe. Ndipo chonde musatumize anyamata kukatenga njinga yake yamoto, kapena kuika chithunzi cha chekecho muno ndi dzina lake. Mukatero mlandu utembenukira inu.

Sabata ino chitani izi. Jambulani fotokope ya chekecho mbali zonse ziwiri, chenichenicho muchiike m'pulasitiki kunyumba, osati m'kabati ya loja. Mulembereni kalata yachidule yonena kuti cheke chabwerera ndipo mukumupatsa masiku 10 kuti alipire kapena abwere kudzasaina mgwirizano, asaine pa kope lanu kuti walandira. Kenako tengani fotokope ija, fatura, lisiti ndi kalatayo mukaonane ndi loya, kapena a IPAJ amene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Iwo akuuzani ngati mlandu wa ndalama zotere ulowe kukhoti la boma la Angónia kapena la chigawo ku Tete. Popita kumeneko mudziwiretu katundu amene munthuyo ali naye, nambala ya galimoto yake ndi kumene amasunga soya, chifukwa funso limenelo adzakufunsani ndithu.